Matumba Obwereka a Amake Tadala

Amake Tadala, amene dzina lawo ndi a Felesiya, aphika phala pasukulu yathu kwa zaka khumi ndi chimodzi osalandirapo ngakhale sopo. Ine ndine Lydia, mphunzitsi wa Sitandade 4, ndipo ndine amene ndimayang'anira za phala la ana kumbali ya aphunzitsi. Ndiye ndikamanena za mayi amenewa sindikunena zongomva. Ndakangana nawo kangapo pa nkhani ya nkhuni ndi ya makapu, ndipo sindikukumbuka tsiku limene ndinapambanapo.

Sukulu yathu ili kumudzi, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa Mitundu, ndipo ili ndi ana mazana asanu ndi anayi. A Felesiya si a kuno kwenikweni. Makolo awo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya, ndipo iwo anakula akusamukasamuka, chaka chino esiteti iyi, chaka chamawa ina. Sukulu analekeza Sitandade 3. Amanena okha kuti sanasiye chifukwa cha umbuli, koma anatopa ndi kukomoka pamzere wa m'mawa anzawo akuseka. Amayi awo anali munthu wosafuna kuonekera. Ufa ukatha m'nyumba ankatenga mtondo wopanda kanthu n'kumasinja madeya ochepa, kuti a nyumba zoyandikana azimva kuti pakhomopo pali chakudya. Mwana wawo anatengera zomwezo. A Felesiya atha kugona ndi njala masiku awiri, koma mukawapeza pakhomo mudzawaona atavala chitenje chochapa bwino, ndipo adzakufunsani ngati mwadya.

Anakwatiwa m'mudzi wa pafupi ndi sukuluyi ndi bambo wokonza njinga, amene anamwalira Tadala ali wamng'ono. Kuyambira pamenepo akhala akugulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Mitundu. Bungwe lina litabweretsa pulojekiti ya phala, iwo anali oyamba kulembetsa kuti aziphika, ndipo patapita zaka zitatu anawasankha kukhala wapampando wa komiti. Pa nthawi yawo palibe amene anatulukapo ndi ufa wa phala m'chitenje. Mayi wina anayesapo kamodzi, ndipo mpaka lero akaona a Felesiya amakhotera njira ina.

Chaka chatha, kumayambiriro kwa Meyi, a Calvin, amene ndi mlangizi wa bungwelo m'dera lathu, ananditumizira chikalata pa foni. Pansi pake analemba kuti, "Madamu, awa ndi ma TOR a konsotanti amene akubwera kudzaunika pulojekiti. Chonde muwerenge, muwafotokozere ahedi ndi a komiti." Chimene a kuofesi amachitcha TOR ndi chikalata chimene bungwe limalemba lisanalembe ntchito katswiri wochokera kunja kwa bungwelo, amene amamutcha konsotanti. Chimanena chifukwa chimene akumuitanira, mafunso amene ayenera kuyankha, malo amene apite, masiku amene ali nawo ndi malipoti amene apereke. Katswiriyo amasainira zimenezo, ndipo ntchito yake imayezedwa ndi zomwezo.

Chikalatacho chinali cha masamba khumi ndi anayi, m'Chingerezi, zilembo zake zazing'ono ngati nyerere pa foni yanga yong'aluka galasi. Ndinawerenga tsamba loyamba, lonena za mbiri ya pulojekiti ndi chiwerengero cha ana amene amwa phala. Ndinati zimenezi ndikuzidziwa kale. Ndinali ndi makope oposa zana oti ndichonge, ndiye ndinatseka. Ndikunena poyera chifukwa ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Pa msonkhano wa komiti ndinangoti, "Kukubwera mlendo wodzaona momwe tikuchitira."

"Wodzaona kuti atani?" anafunsa a Felesiya.

"Alembe lipoti."

Mayi wina anakumbutsa anthu kuti zaka zapitazo kunabweranso alendo, ndipo sukulu imene inawasangalatsa inalandira mapoto atsopano ndi mbaula zosatha nkhuni. Basi nkhani inathera pomwepo. Aliyense anatuluka akudziwa kuti ndi mpikisano, ndipo a Felesiya sanabadwire kukhala nambala thuu.

Zina zoti tionetse mlendo tinali nazo zenizeni. Komiti inkakumana mwezi ndi mwezi. Khitchini ndi sitolo zinali za njerwa zootcha, zofolera malata. Kuseri kwa sukulu kunali kankhalango ka mitengo ya keshya kamene amayi anadzala okha. Koma munda wa sukulu unali utagonera zaka ziwiri chifukwa cha kusowa kwa fetereza, ndipo chimanga chimene makolo anasonkha chinali matumba asanu okha, ataunjikidwa pakona. Ufa wa phala wonse unkachokera ku bungwe.

A Felesiya anayenda khomo ndi khomo sabata yathunthu. Inali nthawi yokolola, anthu anali ndi kanthu m'nyumba. Sankapempha, ankabwereka. "Thumba limodzi, masiku awiri okha, ndidzabweza ndekha," ankatero, ndipo popeza mawu awo sanagwepo pansi, anthu ankapereka. Thumba lililonse analimanga kansalu ka mtundu wake kukamwa kuti lisasokonekere. Ngolo ziwiri zinatuta, ndipo tsiku la mlendo lisanafike m'sitolo munali matumba makumi anayi, a chimanga ndi a soya, osanjidwa bwino pa matabwa. Za munda anakambirana ndi alamu awo, amene munda wawo wachita malire ndi sukulu. Ana a Sitandade 7 analemba chikwangwani chakuti Munda wa Sukulu, tinachikhoma pakati pa mikukwe ya chimanga. Penti wake ndinagula ndine. Ahedi athu, a Fanuel, anayang'ana zonsezo n'kunena kuti sukulu yaoneka ngati sukulu.

Mlendoyo anali Mayi Lilian, mayi wamfupi wovala nsapato zathyathyathya, wosakonda zolankhulalankhula. Anafika ndi mtsikana womulembera. Anakana gule amene tinakonza, anati ali ndi theka la tsiku lokha chifukwa masana akuyenera kukhala pasukulu ina. Anaona ana akumwa phala, anawerenga makaundula a m'kalasi, analowa m'sitolo n'kuwerenga matumba, anabaya awiri kuti aone ngati chimangacho chili chouma. Anapempha buku lolembamo zimene makolo asonkha. A Fanuel anati lili ndi mlembi wa komiti, ndipo mlembiyo wapita kumaliro ku Diamphwe. Mayi Lilian anangolemba kenakake m'kope mwawo.

Kenako anakhala pansi ndi a komiti okha. Ife aphunzitsi anatipempha kuti tituluke, kuti amayi alankhule momasuka. Zimene zinakambidwa m'menemo ndinazimva pambuyo pake. Akuti anayamba ndi kufotokoza kuti akufuna kuona ngati pulojekiti yakhazikika, ndipo amayi anaomba m'manja. Kenako anafunsa mosabisa kuti, "Bungwe litati lachoka, inu mungapitirize kudyetsa ana panokha?"

A Felesiya anaona ngati mlendo akufuna kudziwa ngati anthu a kuno ndi aulesi. Anayankha kuti, "Mayi, mwaona nokha m'sitolomo. Ife si anthu odikira kupatsidwa. Tingapitirize bwinobwino." Amayi onse anavomereza. Kwathu kuno mlendo sauzidwa za umphawi wa pakhomo, ndipo pa tsiku limenelo palibe amene anaganiza kuti akunama. Ankaona ngati akusunga ulemu wa mudzi.

M'mawa mwake matumba anabwerera kwa eni ake, lililonse ndi kansalu kake. Chikwangwani tinachizula. Tinakhala tikudikira mapoto.

Patapita masabata anayi a Calvin anatiitana ku Nathenje, ku msonkhano wokamva zimene konsotanti wapeza lipoti lake lisanatsekedwe. Sukulu iliyonse mwa khumi ndi ziwiri zimene anayendera inatumiza anthu atatu. Kwathu tinapita ine, a Fanuel ndi a Felesiya, amene anavala chitenje chatsopano ndi duku lake. M'galimoto ankandifunsa ngati mapoto akwane kumbuyoko kapena adzabwera tsiku lina.

Mayi Lilian anayamba ndi kuwerenga ntchito imene anapatsidwa, ndime ndi ndime, akumasulira m'Chichewa. Cholinga choyamba chinali kuona ngati phala lathandiza kuti ana azibwera kusukulu ndi kusasiyira panjira. Chachiwiri, ngati ufa umafika nthawi yake ndi kugwiritsidwa ntchito moyenera. Anthu ankagwedeza mitu. Ndiye anafika pa chachitatu.

"Tsamba lachisanu ndi chimodzi," anatero. "Popeza thandizo la pulojekiti lichepa kuyambira Seputembala, konsotanti apeze sukulu zimene anthu ake akonzeka kudyetsa ana paokha, kuti bungwe lizisiye m'manja mwa eni dera, ufa umene ulipo upite kwa amene sanakonzeke."

Ndinatulutsa foni pansi pa tebulo, ndinatsegula chikalata chija, ndinatsitsa mpaka tsamba limenelo. Mawuwo anali pomwepo. Anakhala m'thumba mwanga masabata asanu ndi awiri. Kumapeto kwake kunali ndandanda wa zizindikiro zisanu: komiti yokumana, khitchini ndi sitolo, mitengo ya nkhuni, munda wa sukulu, ndi chakudya chosonkha makolo chokwanira mwezi umodzi. Sukulu yokhala ndi zinayi inkawerengedwa kuti yakonzeka. Ife zathu zenizeni zinali zitatu. Ziwiri zinazo tinabwereka.

Pakhoma panaoneka maina a sukulu zisanu. Yathu inali pamwamba, yokhayo imene inakwanitsa zonse.

A Felesiya sawerenga Chingerezi, koma dzina la sukulu yawo amalidziwa. Anandigwira mkono akumwetulira. "Aphunzitsi, si ife tili pamwamba apo?"

"Ndife," ndinatero.

"Ndiye bwanji mwakhala ngati mwamva uthenga wa maliro?"

"Amake Tadala, simunamve zimene awerenga zija? Amene ali pamwamba ndi amene awasiye. Kuyambira Seputembala ufa sudzabweranso kwathu."

Kumwetulira kuja kunakhalabe pankhope pawo kwakanthawi, ngati kwaiwalika pomwepo. "Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa cha matumba aja. Ndi munda."

"Inu munkadziwa?"

"Chikalatacho ananditumizira. Sindinachiwerenge chonse."

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anachotsa dzanja lawo pamkono panga n'kuliika pamwendo. A Fanuel anawerama n'kunong'ona kuti tikhale chete, tikaikonza bwinobwino ndi a Calvin kuseri, pano pali akuluakulu a maphunziro. Koma Mayi Lilian anali atanena kale kuti msonkhanowu ndi umene chikalata chinaika kuti anthu akonze zolakwika, ndipo pakatha masiku asanu ndi awiri atseka lipoti n'kulipereka. Anafunsa ngati alipo amene akuona kuti china chalembedwa molakwika.

A Felesiya anaimirira. Anakonza chitenje chawo, anatchula dzina lawo ndi la sukulu.

"Mayi, matumba amene munawerenga kwathu aja si athu. Ndinabwereka ine, khomo ndi khomo. Mutangochoka ndinabweza. Munda uja ndi wa alamu anga. Mlembi wathu sanapite kumaliro, anali kunyumba kwake, buku lili m'manja. Ndinakunamizani ndine. Ndimayesa mukufuna kuona amene akuchita bwino kuti muwapatse mapoto."

Wina kumbuyo anaseka, kenako analeka msanga atazindikira kuti akuseka yekha. A Fanuel ankayang'ana nsapato zawo. A Calvin anali atatsegula pakamwa, botolo la madzi lili m'manja. Mayi Lilian anavula magalasi.

"Onse makumi anayi?" anafunsa.

"Athu ndi asanu."

"Koma ndinakufunsani, amayi. Ndinati bungwe litachoka mungapitirize?"

"Munafunsa. Ndiye ine ndikanati chiyani kwa mlendo, pamaso pa anzanga? Kuti ndife osauka?"

Apa misozi inatsika m'masaya mwawo, ndipo anakhala pansi. Ine ndinali ndisanawaonepo akugwetsa misozi, ngakhale pa maliro. Ndinaimirira nanenso, ndinanena kuti chikalata ndinachilandira ndine, ndipo sindinawafotokozere a komiti zimene zinali m'menemo. Ndinaona kuti ndachedwa, mayi wosaphunzira anali atasenza kale mlandu wanga.

Ndisanakhale pansi, bambo wina wachikulire wa jekete lakuda anakweza dzanja. Anali a Jeremiya, wapampando wa komiti ya sukulu ina ya ku Nathenje konko, imene inali yachiwiri pa ndandanda.

"Pepani, akuluakulu," anatero akukanda m'mutu. "Poti mayiwa ayamba, nafenso tinene. Matumba athu aja tinabwereka kwa venda wa pamsika. Anatipatsa maola anayi."

Kenako anaimirira mayi wa sukulu yachitatu, anati munda umene anaonetsa ndi wa mpingo. Wa sukulu yachinayi sanaimirire n'komwe, anangonena ali chikhalire kuti, "Ifenso chimodzimodzi." Mwa sukulu zisanu zimene zinali pakhoma, imodzi yokha ndi imene inali ndi zake zenizeni, ndipo anthu ake ankatiyang'ana ngati aona mizukwa.

Mayi Lilian anakhala pampando. Ndinawamvera chisoni, chifukwa ntchito ya mwezi wathunthu inali itagumuka pamaso pa amene anawalemba ntchito. Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Zaka khumi ndi zisanu ndikugwira ntchito imeneyi. Buku lija nditalisowa ndinalemba kuti sindinalione, koma ndinapitirira, chifukwa matumba ndinawagwira ndi manja anga. Limenelo ndi vuto langa." Anatembenukira kwa a Calvin. "Sindingasinthe zimene ndapeza chifukwa cha mawu okha, monganso sindinayenera kukhulupirira maso okha. Tsopano aliyense wadziwa kuti wosauka ndiye atsala, ndiye mawa aliyense akhala wosauka. Ndiyenera kubwerera m'sukulu zisanuzi osanena tsiku. Masiku amene munandipatsa oyendera sukulu atha. Ngati bungwe likufuna yankho loona pa cholinga chachitatu, liwonjezere masiku, ndipo lilembe."

A Calvin anatuluka kukaimba foni. Atabwera anati akuluakulu awo avomera masiku atatu, kalata itsatira. Mayi Lilian anawonjezera kuti zimene zachitikazi adzazilemba mu lipoti, popanda maina a anthu, chifukwa chikalata chimaletsa kutchula amene wapereka umboni. Ananenanso kuti iwo amangolangiza, chigamulo ndi cha bungwe. Za maina zija sizinathandize a Felesiya. Anthu oposa makumi atatu anali atawamva ndi makutu awo.

Pobwerera a Felesiya sanandilankhule. Tisanafike n'komwe nkhani inali itafika kale m'mudzi, mwa mafoni omwewa. Ena ankati achititsa manyazi sukulu. Ena, amene anapereka matumba ndi manja awo, ankati iwo ankadziwa kale kuti zimenezi zidzatha moipa. Pamsika wa Mitundu azimayi anzawo anayamba kuwafunsa ngati tomato amene akugulitsayo ndi wawo kapena wobwereka. M'mawa uliwonse a Felesiya ankabwerabe kudzaphika, ali chete.

Mayi Lilian anatulukira Lachinayi la sabata yotsatira, pa kabaza wa njinga yamoto, ana atangomaliza kumwa phala. A Fanuel anali ku msonkhano wa mahedi. Makiyi a sitolo anali ndi a Felesiya, pachingwe cha m'khosi. Ndinati ndiwalandire makiyiwo kuti nditsegule ndine, koma anandikankha dzanja. Anatsegula okha, anakankha chitseko mpaka kukhoma, n'kuima pambali kuti mlendo aone bwino. Munali ufa wa bungwe wa masabata otsala a teremuyo, ndi matumba asanu pakona, limodzi litabooledwa ndi makoswe. Anatumiza mayi wina kukatenga buku kwa mlembi. Kenako anatsogolera Mayi Lilian kuseri, ku munda weniweni wa sukulu, kumene udzu unali wofika m'chiuno.

"Ndikufunsaninso funso lija," anatero Mayi Lilian. "Ufa wa bungwe utasiya kubwera, ndi zimene muli nazo mungadyetse ana masiku angati?"

A Felesiya anayang'ana amayi a komiti amene anali atawazungulira.

"Awiri. Lachitatu phala lake lingakhale lamadzi."

"Pambuyo pake?"

"Pambuyo pake a m'makalasi ang'onoang'ono adzayamba kujomba. Ikafika Januwale mudzapeza theka. Ena adzapita kukasoka fodya m'maesiteti. Ndikudziwa chifukwa ine ndinali mmodzi wa iwo."

Kalata ya bungwe inafika mu Ogasiti. Sukulu yathu inatsala pa pulojekiti kwa chaka chimodzi, ndipo anatiuza kuti m'chakacho tidzutse munda. Ndinaiwerenga yonse, kawiri, mpaka dzina la wosaina, kenako ndinaimasulira pa msonkhano wa makolo mawu ndi mawu. Anthu anaomba m'manja. Pa msonkhano womwewo panali chisankho cha komiti, ndipo bambo wina anati sukulu ikufunika wapampando amene sanatchuke ndi bodza. A Felesiya anapeza mavoti asanu ndi awiri. Ine, amene ndinayambitsa zonsezi, palibe anandinena, chifukwa ndine mphunzitsi. Ndinakwiya mpaka ndinalephera kulemba bwino maminitsi.

A Felesiya anavula chingwe cha makiyi, anachipereka kwa wapampando watsopano ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kwa ine, koyamba kundilankhula chichokereni ku Nathenje.

"Aphunzitsi, pa ndandanda wa ophika mundilembe Lolemba ndi Lachitatu. Kapena kumenekonso andichotsa?"